Nkhani ya Rapa Nui: zomwe a lekichara akutsutsa mu ndime yowerenga

Pali ndime ina yowerenga yomwe ikuti anthu a pa chilumba cha Rapa Nui, chomwe chili kutali mu nyanja ya Pasifiki, anadziwononga okha. Ikupereka zifukwa zitatu, kuti anagwetsa mitengo yonse pofuna kusamutsa ziboliboli zawo zamiyala zotchedwa moai, kuti mitengo itatha anayamba kuphana okhaokha polimbirana chakudya, ndiye kuti pomwe azungu ankafika chiwerengero chawo chinali chitagwa kale. A lekichara omwe anakamba za ndimeyo sakuvomereza olo chimodzi, akuti umboni omwe ulipo pano ukuloza kwina.

Pa za mitengo a lekichara sakukana kuti nkhalango ya migwalangwa inatha, koma akuti wolemba ndimeyo wayiwala makoswe. Anthu oyamba kufika pachilumbacho anabwera ndi makoswe m'mabwato mwawo, ndipo poti kunalibe nyama yowagwira anaswana kwambiri nkumadya njere za migwalangwa, moti zikamba zambiri za njerezo zomwe akatswiri afukula zili ndi zipsera za mano a makoswe. Ndiye olo anthu ankadula ndi kutentha mitengo kuti alime, yatsopano inkavutika kumera, mgwalangwanso umatenga zaka zambirimbiri kuti ukule.

Komanso akuti ma moai sankafunika zipika ayi. Apa mpomwe anatherapo nthawi yambiri. Ndimeyo ikuganiza kuti ankawagoneka pa zipika nkumawakunkhuniza kuchokera ku Rano Raraku komwe ankasemedwa, koma a lekichara akuti ziboliboli zomwe zinagwa m'njira zisanafike zili ndi pansi potakata, kutsogolo kwake kozungulira, ndipo zinasemedwa mowerama pang'ono chakutsogolo, zomwe sizikanakhala ndi ntchito zikanakhala kuti zimayenda chogona. Anatchula zomwe akatswiri ofukula zakale Terry Hunt ndi Carl Lipo anayesa, anapanga chiboliboli chofanizira cholemera matani opitirira 4, anthu 18 okha ndi zingwe zitatu, gulu lina kumanja lina kumanzere lina kumbuyo kuti chisagwe chafufumimba, nkumachipendeketsa uku ndi uku icho nkumasuntha chilili ngati mmene munthu amasunthira firiji. Nawonso eni chilumba akhala akunena kuyambira kale kuti ma moai ankayenda okha, mwina sinali nthano chabe.

Za nkhondo ndimeyo ikudalira tizida tambirimbiri totchedwa mata'a tomwe timapezeka mbwee pachilumbacho, ta mwala wakuda wonga galasi, ikuti inali mitu ya mikondo. A lekichara akuti tayang'anani kapangidwe kake kaye. Mkondo umafuna nsonga, pomwe tambiri mwa timeneti ndi tobuntha, tina totakata, palibe kofanana ndi kanzake, tikuoneka kuti tinali todulira ndi kupalira zinthu pa ntchito za tsiku ndi tsiku. Mafupa a anthu omwe afukulidwa nawo, ochepa kwambiri ndi omwe ali ndi mabala oti munthu angafe nawo, malinga achitetezo ngati omwe amapezeka pa zilumba zina komwe kunalidi nkhondo kulibenso.

Mfundo yachitatu ndi yomwe ikusiyana kwambiri ndi ndimeyo, ndipo kunena zoona ndi yomwe ikumveka yolimba. Ndimeyo ikuti njala inapulula anthu azungu asanafike. A lekichara akuti anthuwo anazolowera kukhala opanda nkhalango, ankayala miyala yophwanya m'minda mwawo kuti isunge chinyezi, itchinge mphepo komanso iwonjezere chonde, mbatata nkumabereka ndithu. Jacob Roggeveen wa ku Netherlands atafika pa tsiku la Pasaka mu 1722 anapeza anthu amphamvu ali ndi chakudya chopatsa alendo, osati anthu ofooka ndi njala. Kugwa kwenikweni kunabwera mochedwa, mu 1862 ndi 1863 zombo zochokera ku Peru zinagwira anthu pafupifupi 1,500 kukawagwiritsa ukapolo, ochepa omwe anabwezedwa anabwera ndi nthomba, kenako chifuwa chachikulu, ena nkusamukira ku Tahiti ndi zilumba zina, moti pofika 1877 pachilumba panatsala anthu 111 okha basi. Anawonjezeranso kafukufuku wa 2024 yemwe anaunika chibadwa cha m'mafupa a anthu 15 akale a pachilumbacho, sanapeze chizindikiro choti chiwerengero chinagwa m'zaka za m'ma 1600 ngati mmene ndimeyo ikunenera, m'malo mwake chinkakwera pang'onopang'ono mpaka cha m'ma 1860 pomwe zombo za akapolo zija zinafika.