Mitundu ya malemba ndi tsamba pa pulojekita: malangizo kwa aphunzitsi a Giredi 9

Aphunzitsi anzanga, m'kalasi lathu muno mu Lusaka mawindo alibe makatani, ndipo dzuwa la mu Okutobala likalowa, zolembedwa pakhoma zimazimirira. Pulojekita satulutsa mtundu wakuda. Chakuda chake ndi khoma lomwelo. Choncho masana ikani malemba akuda pa tsamba loyera, monga #1A1A1A pa #FFFFFF, ndipo mitu ikhale ya buluu wakuda, #003366. Tsamba lakuda lisungireni holo yamdima.

Chikasu pa choyera, ayi ndithu, ngakhale chikongole bwanji pa laputopu yanu. Musasiyanitse mayankho ndi chofiira ndi chobiriwira chokha, popeza anyamata ena saisiyanitsa mitunduyi. Gwiritsani ntchito buluu ndi olenji, muwonjezeponso chizindikiro.

Mu PowerPoint pitani ku Design, Variants, Colors, kenako Customize Colors, musunge mitundu yanuyo kamodzi. Kusiyana kwa kuwala kwa malemba ndi tsamba kusachepere 4.5:1, koma ine ndimafuna 7:1, chifukwa babu lathu lakalamba.

Ana asanalowe, pukutani fumbi pagalasi la pulojekita, mukakhale pa benchi yakumbuyo ija pafupi ndi chitseko, muwerenge mzere wotsiriza. Mukatsinzinira, sinthani.