Fomu 3B: kakonzedwe ka mafunso a kafukufuku wa kuchedwa kusukulu

Kwa magulu onse asanu ndi limodzi. Tikufuna kudziwa chinthu chimodzi chokha: chimene chimachititsa ophunzira kufika belu la 7:30 litalira kale. Funso losathandiza kuyankha zimenezi lichotseni, ngakhale mulikonde chotani. Mafunso asapitirire 10, akwane patsamba limodzi, ndipo pasakhale polemba dzina. Munthu akadziwa kuti aphunzitsi amuzindikira, amalemba zowakondweretsa.

Funso lililonse lifunse chinthu chimodzi. Mukalemba kuti "Kodi mumadzuka mochedwa ndiponso mumakhala kutali?", mnzanu wodzuka tambala woyamba koma wochokera kutsidya kwa mtsinje asowa choyankha. Mawu oti "kawirikawiri" ndi "nthawi zina" apeweni, chifukwa kwa wina ndi kawiri pa sabata, kwa wina kawiri pa teremu. Lembani motere:

Sabata yatha, ndi masiku angati amene munafika belu litalira kale? 0, 1, 2, 3, 4, 5

Mumayenda mphindi zingati kuchokera kunyumba? Zosakwana 15, 15 mpaka 29, 30 mpaka 59, 60 kapena kuposa

Onani kuti magawowo sakulowana. Mukanalemba "15 mpaka 30" kenako "30 mpaka 60", woyenda mphindi 30 akanachonga pawiri.

Cholakwika chachikulu ndi funso loika yankho m'kamwa mwa munthu, monga "Kodi simukuvomereza kuti ulesi ndi umene umachedwetsa ophunzira?" Pamenepa mwaweruza kale, ndipo mtsikana amene anayamba wakatunga madzi kumjigo asanabwere sapezapo malo ake. Funsani chonchi:

Tsiku lomaliza limene munachedwa, chinakuchedwetsani kwambiri n'chiyani? Chongani chimodzi: ntchito zapakhomo, kutalika kwa mtunda, kudikira minibasi kapena kabaza, kudzuka mochedwa, china (chilembeni), sindinachedwepo

Poyesa maganizo gwiritsani ntchito sikelo ya magawo asanu, imene Rensis Likert anaifotokoza mu 1932. Lembani chiganizo, mwachitsanzo "Chilango chosesa chimachepetsa kuchedwa", ndipo pansi pake:

1 Ndikutsutsa kwambiri, 2 Ndikutsutsa, 3 Ndili pakati, 4 Ndikuvomereza, 5 Ndikuvomereza kwambiri

Mbali ziwirizo zilingane, awiri otsutsa, awiri ovomereza. Sikelo ya "zabwino, zabwino kwambiri, zabwino koposa" imatsekera khomo wodandaula. Nambala 5 itanthauze chomwecho pa mafunso onse, ndipo chiganizo chisakhale chokana, poti kutsutsa mawu oti "chilango sichithandiza" kumazunguza mutu.

Lachitatu muyese mafunso anu pa ophunzira asanu a Fomu 3A. Musawafotokozere kanthu. Pamene wina aima n'kufunsa kuti "apa mukutanthauza chiyani?", ikanipo chizindikiro, funsolo mukalilembenso. Pepala lokonzedwa lifike kwa aphunzitsi a kalasi Lachisanu nthawi yopuma isanakwane, kuti tisindikize makope 48.