Pulogalamu ya thirening'i ya timu yathu, kuyambira Lolemba likubwerali

Madamu a Bayoloje, a Sala a Masamu ndi makaputeni nonse awiri, ndondomeko ija ndi iyi. Mpikisano wa ku zoni watsala masabata 6 nde tisamangokumana pa galaundi kenako nkumafunsana kuti lero tipanga chani. Ana amene alembetsa alipo 34, othamanga 14, odumpha 10, oponya 10. Tiziyamba hafu 2 nkuweruka 4 koloko pa dontho, chifukwa ena amachokera kuseli kwa dambo ndipo makolo anadandaula kale kwa a Hedi kuti atsikana akumafika kwada.

Chachikulu chimene ndasintha ndi ichi, zija zomangowazungulitsa ana maraundi 15 mpaka asanze zatha. Chaka chatha ndinapanga ndine ndemwe, anyamata anali ndi mpweya ngati a malathoni koma pa mamita 100 anatisiya ngati taima. Liwiro limabwera mwana akathamanga thupi lisanatope, pang'ono koma mwamphamvu zedi, kenako nkupuma mokwanira. Nde masiku olemera akhala atatu, Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, pakati pakepo pakhale popepuka kuti minofu ipeze maola 48 obwerera m'malo.

Tsiku lililonse mphindi 15 zoyamba tonse pamodzi kutenthetsa thupi. Raundi imodzi kapena ziwiri mwa pang'onopang'ono, kukweza maondo, zidendene zikugunda matako, kutaya miyendo kutsogolo ndi m'mbali, kuzungulitsa mikono, kenako kuthamanga mamita 50 katatu liwiro likukwera pang'onopang'ono. Wobwera mochedwa atenthetse thupi payekha kaye, asalumphe zimenezi olo akhale sitala wa timu.

Dziwaninso kuti raundi ya pa galaundi yathu si mamita 400 ayi. Tinayeza ndi tepi ya ku Agirikacha ija, ndi 320. Nde wa 400 azithamanga raundi imodzi nkuonjezera 80, ndakhoma chikhomo pafupi ndi mtengo wa mango paja.

LOLEMBA

Othamanga ali ndi ine, ndi tsiku la kunyamuka. Mamita 30 kasanu ndi kamodzi kuchokera chogwada, pakati kupuma mphindi 3 zathunthu, kenako mamita 60 katatu kupuma mphindi 5. Ziwoneka ngati akungocheza koma asiyeni, kupumako ndi thirening'i yomweyo. Mabuloko tilibe nde tizikumba timaenje tiwiri ta mapazi. Ndiziyambitsa mosinthasintha, pena wezulo ilire msanga pena ichedwe, kuti asiye kulosera, chifukwa lamulo la dziko lonse kuyambira 2010 ndi loti ukanyamuka mfuti isanalire kamodzi kokha watuluka, ndipo mnyamata wathu wa Fomu 4 uja ali ndi matenda amenewa.

Odumpha ali ndi Madamu, long'ijampu. Tsiku limeneli lisathere mu mchenga, lithere pa kathamangidwe kobwera ku thabwa. Aliyense apeze masitepe ake, 12 mpaka 16 akwana pa msinkhu wawo, ayeze ndi mapazi nkulemba mu kope kuti pa zoni asakayambe kusakasaka. Thabwa lija ndi la masentimita 20 basi, kupyola pang'ono chabe ndi faulo. Athamange kasanu osadumpha, wina ataima pambali kuona pamene phazi laponda, kenako adumpe kasanu ndi kamodzi atangothamanga masitepe ochepa. Amene amayang'ana pansi kufunafuna thabwa muwauze ayang'ane kutsogolo, kuyang'ana pansiko ndi kumene kumawadula liwiro.

Oponya ali ndi a Sala, shotiputi. Tili nazo ziwiri, ya makilogalamu 5 ya anyamata ndi ya 3 ya atsikana, ndi zoyenera osakwana zaka 18. Chitsulocho chikhale pa mizu ya zala, chitatsamira pakhosi kunsi kwa chibwano, chigongono m'mwamba. Amachita kukankha, saponya ngati akugenda mango, ukagenda chigongono chimapita. Sabata ziwiri zoyamba aponye ataima, maulendo 12 aliyense, mphamvu ichoke mu miyendo ndi m'chiuno. Zotsetsereka chammbuyo zija tiyamba sabata yachitatu.

LACHIWIRI

Tonse pamodzi, zolimbitsa thupi. Jimu tilibe koma thupi lomwelo ndi chitsulo. Kunyonyomala nkuimirira ka 15, mapushapu 10, kuyenda chogwada mwendo umodzi patsogolo masitepe 20, kugwira thupi chowongoka pa zigongono masekandi 30, kukwera nkutsika pa sitepe ya khonde la labu. Zonsezi kuzungulira katatu. Oponya aonjezere kuponya mpira wakutha uja tinaudzaza mchenga, chakutsogolo ndi chakumbuyo kudutsa pamutu. Ikakwana hafu 3 tatha, ana azipita.

LACHITATU

Ili ndi tsiku lowawa, ndanena kale. A mamita 100 ndi 200 athamanga 150 kanayi, kupuma mphindi 6, osati mphamvu zonse koma pafupi. A 400 athamanga 250 katatu kupuma mphindi 8. Apa ndi pamene mwana amaphunzira kusunga kathamangidwe miyendo ikayamba kulemera ngati yamangidwa njerwa, mapewa akhale omasuka, mikono izigwirabe ntchito, asamakukute mano nkugwetsa mutu kumbuyo. Mukaona kuti liwiro lake lagwa kwambiri pa ulendo wachitatu muimitseni, wachinayiwo sumuthandiza kanthu.

Odumpha, tiripojampu. Ndondomeko yake mwendo womwewo, mwendo winawo, kenako miyendo yonse mu mchenga. Vuto la ana athu amakwera kwambiri pa kudumpha koyamba nde kwachiwiri kumangokhala kasitepe kakang'ono, Madamu muike zizindikiro zitatu zotalikirana mofanana kuti khutu lizimva ta, ta, ta mofanana. Apange pa kapinga, osati pa njira youma ija ya kumjigo, ndipo asapyole maulendo 8. Masewera amenewa amadya maondo ndi akakolo. A Fomu 1 asapange nawo chaka chino, azingolumpha chingwe.

Oponya, disikasi. Tili ndi imodzi yokha ya kilogalamu 1, ndi ya atsikana, anyamata amayenera 1.5 koma aphunzirira yomweyo mpaka a Hedi atiganizire. Ayambe ndi kuigubuduza pansi kuti izichoka pa chala cholozera, kenako kuponya ataima. Khola la waya tilibe nde aliyense aime kutali kumbuyo kwa woponya, ndipo m'mbali musakhale munthu.

LACHINAYI

Tsiku lopepuka, rile ndi kukonza galaundi. Timitengo tathu ndi mapaipi apulasitiki ndadula masentimita 30. Malo opatsirana pa 4 x 100 ndi mamita 30, kamtengo kasinthe manja mkati mwa malo amenewo. Woyamba agwire kumanja, wachiwiri kumanzere, wachitatu kumanja, womaliza kumanzere, palibe zosintha dzanja uli mkati mothamanga. Wolandira anyamuke mnzake akafika pa chizindikiro ndipo asacheuke, angomva "dzanja!" nkutambasula. Timu ya ana a liwiro wamba ikamapatsirana bwino imatha kugonjetsa akatswiri ogwetsa kamtengo, nde apa tilimbikirepo, mendulo yathu ikhoza kuchokera pomwepa.

Odumpha ndi oponya atatenthetsa thupi atenge makasu. Dzenje la mchenga lagwirana ngati simenti, litipulidwe, miyala ndi magalasi zichoke. A Sala, za masamu ndi zanu, bwalo la shotiputi ndi mamita 2.135 kudutsa pakati, la disikasi 2.5. Mizere ya mogwera ija pulotirakita siyofunika, kokani zingwe ziwiri za mamita 20 kuchokera pakati pa bwalo, nsonga zake zitalikirane mamita 12, basi mwapeza madigiri 34.92. Laimu akasowa phulusa la kukhitchini likwana.

LACHISANU

Tsiku loyeza. Othamanga aliyense athamange mtunda wake kamodzi ngati pa mpikisano, 100, 200 kapena 400, ine ndigwira nthawi pa foni, kaputeni wa atsikana alembe mu kope lofiira lija. Kenako rile kawiri mwamphamvu. Sabata ndi sabata tiziona ngati manambala akutsika, ndipo timu yopita ku zoni isankhidwa kuchokera mu kope limenelo, zoti uyu ndi mwana wa aphunzitsi kapena ndi wa Fomu 4 sizigwira.

Odumpha, hayijampu. Ana aonera mavidiyo nde akufuna kudumpha chagada ngati Dick Fosbury amene anapambana nazo pa Olimpiki ya 1968 ku Mexico, koma iye ankagwera pa matiresi, ife tili ndi mchenga. Chagada pa mchenga ndi khosi kuthyoka. Nde tipanga ya sizasi, kubwera chammbali, mwendo umodzi kudutsa winawo nkutsatira, kutera ndi mapazi. Poyamba tigwiritse lasitiki m'malo mwa nsungwi kuti asamaope. Pomaliza yezani long'ijampu katatu aliyense.

Oponya, nthungo. Ya anyamata ndi magalamu 700, ya atsikana 500, yathu ya 500 ija inapindika pang'ono koma ikuulukabe. Ayambe ndi kubaya pansi chapafupi, kenako masitepe atatu, kenako asanu. Pa nthungo ndiye sindiseka ndi munthu. Palibe woponya a Sala asanaimbe wezulo, palibe wokatola onse asanamalize, ndipo poitenga imayenda choimika nsonga pansi, osathamanga nayo. Ana a kupulaimale amadutsa pa galaundi nthawi yomweyo, kaputeni wa anyamata uike anthu awiri aziwabweza. A Sala akachokapo olo mphindi 5 nthungo ibwerere ku ofesi.

Loweruka ndi Lamulungu ndi kupuma. Ndikudziwa kuti ena mukasewera bola ya m'mudzi Lamulungu, nde Lolemba mukabwera mukutsimphina musandinamize kuti munagwa pa njinga.

Mvula ikagwa kapena bingu likangomveka zoponya ndi zodumpha ziima, tilowe mu holo tipange za Lachiwiri. Aliyense abwere ndi botolo la madzi komanso kachakudya, mbatata, nthochi, mtedza, chilichonse, mwana amene wangomwa tiyi m'mawa sangathamange 250 katatu. Amene wangochira malungo kapena wamva kukoka kumbuyo kwa ntchafu anene, akhala pambali kugwira tepi. Atsikana amene ali kumwezi auze Madamu pambali, asankha okha kuthamanga kapena kupuma, anyamata zimenezo sizikukukhudzani.

Othamanga opanda nsapato pa kapinga wathuyu palibe vuto, koma amene akulota zokafika pa bwalo la Bingu ku Lilongwe ayambe kuzolowera nsapato panopa, mphira wa kumeneko dzuwa likaomba amaotcha mapazi.

Sabata yachinayi tichepetsa maulendo onse ndi theka kuti matupi apume, yachisanu tibwerera mwamphamvu, yomaliza ndi zopepuka zokhazokha, kunyamuka, rile ndi kuyeza masitepe, palibe 250. Makaputeni mukopere izi pa pepala mumate pa bolodi mawa buleki isanathe, ndipo Lolemba aliyense abwere ndi kalata ija makolo atasaina, wopanda kalata sakwera galimoto ya ku zoni.