Lipoti la Wounika Wachiwiri pa Pepala Nambala 0417

Mutu wa pepala: Mauthenga a pafoni okumbutsa kumwa mankhwala ndi kutsika kwa bipi mwa odwala akuluakulu m'zipatala zisanu ndi chimodzi

KWA OLEMBA

Ndiyambe ndi mmene ndalimvera pepala lanu, kuti ngati ndaphonya penapake mundiwongole. Munalemba odwala bipi 412 m'zipatala 6. Zipatala 3 zinkatumiza uthenga wa pafoni m'mawa uliwonse wokumbutsa kumwa mankhwala, zina 3 zinapitiriza chithandizo chamasiku onse. Patatha miyezi 6, nambala yapamwamba ya bipi inatsika ndi 9 mmHg pa avereji kwa olandira mauthenga, ndi 4 mmHg kwa enawo (p = 0.03). Mukumaliza ndi kunena kuti mauthenga amatsitsa bipi ndipo ayambitsidwe m'zipatala zonse.

Funso lanu ndi loyenera kufunsa, ndipo mwafotokoza bwino mauthengawo: mawu ake, nthawi yotumizira, ndi amene ankatumiza. Wina atha kuwabwereza osakufunsani kanthu, zomwe sizichitika kawirikawiri. Vuto langa lalikulu ndi limodzi. Magulu awiriwa anali osiyana kale musanatumize uthenga woyamba, ndipo anapitiriza kusiyana m'kati mwa kafukufuku. Chotero kusiyana kwa 5 mmHg sikungaikidwe pa mauthenga okha pakadali pano. Ndemanga 1 mpaka 4 zikukhudza zimenezi, ndipo ndizo zikufunika ntchito yambiri.

Za njira zomwe munatsata

1. Kasankhidwe ka zipatala ndi odwala (tsamba 5, ndime 2). Mwalemba kuti zipatala zolandira mauthenga "zinasankhidwa potengera kukonzeka kwake". Sizinagwere maere, ndiye fotokozani kuti anasankha ndani, ndipo kukonzekako kunali chiyani. Chipatala chokonzeka chikhoza kukhalanso chomwe mankhwala sasowa, chomwe chili ndi anamwino okwanira, chomwe odwala sadikira nthawi yaitali. Chilichonse mwa izi chikhoza kutsitsa bipi pachokha. Ndikupempha tebulo losonyeza chipatala chilichonse padera: chiwerengero cha odwala, cha ogwira ntchito, ndi masiku omwe mankhwala anasowa m'miyezi 6 ija. Komanso pa tsamba 6 zikuoneka kuti kukhala ndi foni yakeyake kunali kofunika kwa olandira mauthenga okha. Ngati ndi choncho, mwafananitsa eni mafoni ndi anthu osakanikirana, ena okhala ndi foni, ena opanda. Onetsani zotsatira mukatengako eni mafoni okha mbali zonse ziwiri.

2. Bipi yapoyambira (Tebulo 1). Apa ndichedwapo. Olandira mauthenga anayamba ndi avereji ya 158 mmHg, enawo 149 mmHg, ndipo munthu aliyense analowa m'kafukufuku potengera kuyezedwa kamodzi kokha. Bipi imakwera ndi kutsika tsiku ndi tsiku, ngakhale ola ndi ola. Mukasankha anthu pa tsiku lomwe nambala yawo inali yokwera, ambiri mudzawapeza atatsikirapo mukadzawayezanso, ngakhale musanawachitire chilichonse, chifukwa ena munawapeza pa tsiku loipa basi. Kubwerera ku avereji kotereku kunafotokozedwa ndi Francis Galton m'zaka za m'ma 1880, ndipo kumasokonezabe kafukufuku wa bipi mpaka lero. Gulu loyambira pamwamba ndilo limatsika kwambiri, ndipo gulu limenelo ndi lanu la mauthenga.

Chomwe mungachite ndi manambala omwe muli nawo kale ndi ichi. M'malo mofananitsa kutsika kwa gulu ili ndi kwa gulu lija, fananitsani bipi ya pa mwezi wachisanu ndi chimodzi, bipi yapoyambira mutaiika m'masamu ngati chinthu chowongolera. Zimenezi sizichotsa vuto lonse poti magulu sanagwere maere, koma ziwonetsa kuchuluka kwa zotsala pa 5 mmHg ija. Ngati m'mabuku a chipatala muli manambala a odwalawa a miyezi yam'mbuyo, avereji yawo ingakhale poyambira pabwino kuposa kuyeza kamodzi.

3. Odwala omwe anasowa m'njira (Chithunzi 1). Pa 210 olandira mauthenga munayezanso 131, kusonyeza kuti 79 anasowa, pafupifupi 38 peresenti. Pa enawo 202 munayezanso 167, osowa 35, pafupifupi 17 peresenti. Pepala likungotchula kuti "ena sanapezeke" n'kupitirira. Koma n'chifukwa chiyani gulu lokumbutsidwa tsiku lililonse ndilo linataya anthu ochuluka kuwirikiza kawiri? Mwina mauthenga anawatopetsa, mwina anasintha manambala, mwina amene bipi yawo sinkatsika anapita kwina. Ngati ndi chomalizachi, otsala ndi omwe zinawayendera bwino, ndipo zotsatira zakometsedwa. Tiuzeni zifukwa zosowera gulu ndi gulu, fananitsani osowa ndi otsala potengera mmene analili poyamba, ndipo yesani kuwerengetsa moganizira kuti osowa onse bipi yawo sinasinthe. Chinanso, chidule chapamwamba chikunena odwala 304 pomwe 131 ndi 167 akupanga 298. Nambala yoona ndi iti?

4. Odwala a chipatala chimodzi si anthu odziimira paokha (tsamba 8). Masamu anu akutenga anthu 298 ngati aliyense anaikidwa m'gulu payekha, chikhalirecho mauthenga anaperekedwa ku chipatala chathunthu. Anthu a chipatala chimodzi ali ndi namwino mmodzi, makina amodzi oyezera, nkhokwe imodzi ya mankhwala, choncho manambala awo amafananirapo. Mphamvu ya kufananako pa masamu anu imawerengedwa motere:

```
DE = 1 + (m - 1) × ICC
```

Pano m ndi avereji ya odwala pa chipatala, pafupifupi 50, ICC ndi mulingo wa kufanana kwa odwala a chipatala chimodzi, ndipo DE ndi nambala yogawira chiwerengero cha odwala kuti tipeze kulemera kwawo kwenikweni. Ngakhale titangoyerekeza kuti ICC ndi yaing'ono ngati 0.02, DE ikufika pa 1.98. Ndiye kuti anthu anu 298 akulemera ngati anthu 150. Ndikukayika ngati p = 0.03 ingaime pamenepo. Ndiponso zipatala 6 n'zochepa moti njira yodalirika ndi kufananitsa maavereji atatu ndi maavereji atatu, ndipo ndikupempha kuti asanu ndi limodzi onsewo aoneke pa chithunzi chimodzi. Perekani ICC yomwe mwapeza, komanso malire apansi ndi apamwamba a 95 peresenti a kusiyana kwa magulu, osati p yokha.

5. Kayezedwe ka bipi. Simunatchule mtundu wa makina, kukula kwa lamba wapamkono, ngati wodwala ankayamba wapuma mphindi 5 ali chikhalire, kapena kangati ankayezedwa pa ulendo womaliza. Kodi woyezayo ankadziwa gulu la wodwala? Mu fayilo yowonjezera ndaona kuti manambala a zipatala ziwiri ambiri akuthera ndi 0, chizindikiro choti wina ankawasendezera pamanja ku nambala yapafupi yothera ndi 0. Fotokozani.

6. Kumwa mankhwala munakuyeza pofunsa wodwala kuti "mwaphonya kangati sabata yathayi?" Munthu amene mwakhala mukumukumbutsa kwa miyezi 6 akudziwa yankho lomwe mukufuna kumva. Ngati muli ndi masiku omwe ankabwera kudzatenga mankhwala, agwiritseni ntchito. Ngati mulibe, vomerezani kufooka kumeneku poyera.

Za mfundo zomwe mwafikapo

7. Chiganizo chomaliza cha chidule chikuti: "Mauthenga a pafoni amatsitsa bipi ndipo ayenera kuyambitsidwa m'zipatala zonse." Mawu akuti "amatsitsa" akunena kuti chimodzi chachititsa chinzake, pomwe kafukufuku wopanda maere wa zipatala 6 sangafike pamenepo. Simunawerengenso ndalama zoyendetsera ntchitoyi, ndipo simunawatsatire odwala kupitirira miyezi 6, ndiye "m'zipatala zonse" alibe poimira. Ndinganene motere: "M'zipatala zomwe zinkatumiza mauthenga bipi inatsika kwambiri, koma magulu anali osiyana poyambira ndipo odwala ambiri anasowa, pakufunika kafukufuku wogawa zipatala zambiri mwamaere." Mawu musankhe anu, bola mulingo wake ukhale umenewo, ndipo zofooka zazikulu zioneke m'chidule momwemo, poti owerenga ambiri amalekera pomwepo.

8. Ndime yonse yachitatu ya zokambirana yakhazikika pa amayi opitirira zaka 50, omwe mukuti mauthenga "anawathandiza kwambiri". Mu Tebulo 4 ndawerenga timagulu 14 tomwe munayesa, ndipo kokhako ndiko kali ndi p yochepera 0.05. Mukayesa maulendo 14 osadalirana pomwe palibe kusiyana kwenikweni, mwayi woti kamodzi kaoneke ngati katuluka ndi 1 − 0.95^14, pafupifupi 51 peresenti. Kodi kagulu aka kanali m'ndondomeko yomwe munalemba musanayambe? Ngati ayi, kasiyeni mu tebulo, nenani kuti munakaona pambuyo, ndipo nkhani yofotokoza chifukwa chomwe amayi amamvera mauthenga ichoke.

9. Pa nambala yapansi ya bipi mwalemba kuti "panalibe kusiyana" chifukwa p = 0.21. Kulephera kupeza kusiyana si umboni woti kulibe. Onetsani malire ake, owerenga aone okha.

Zing'onozing'ono

Ndondomeko ya TREND ya 2004 inapangidwira kafukufuku wopanda maere ngati uyu. Idzazeni ndi kuitumiza pamodzi ndi pepala lokonzedwalo. Tchulani nambala ya chilolezo cha komiti yoona za ufulu wa otenga mbali, ndi mmene munatetezera odwala omwe foni amagawana ndi achibale, popeza uthenga wotchula mankhwala ukhoza kuwerengedwa ndi wina. Chithunzi 2 chikuyambira pa 140 mmHg, zomwe zikukulitsa kusiyana m'maso. Pa tsamba 11, mzere 14, mwatchula Tebulo 5 lomwe kulibe.

KWA A MKONZI OKHA

A Mkonzi, maganizo anga ndi oti pepalali libwezedwe kwa olemba kuti alikonze kwambiri, osati kulikana. Ndemanga 2, 3 ndi 4 zitha kuyankhidwa ndi manambala omwe ali nawo kale. N'kutheka kuti akawerengetsanso, kusiyana kuja kuzimiririka. Zikatero ndingakondebe kuti lisindikizidwe, malinga mfundo zomaliza zitsatire zomwe zapezeka. Koma akaumirira chiganizo cha mu ndemanga 7 mmene chilili, sindingalivomereze.

Kusemphana kwa 304 ndi 298 ndikukuona ngati kuphonya polemba, sindikuganizira chinyengo. Komabe pemphani ndondomeko yawo yoyambirira yokhala ndi tsiku, kuti tione ngati timagulu 14 tija tinalimo. Ine ntchito yanga ndi ya kafukufuku wa bipi. Masamu a zipatala zochepa chonchi ndimawadziwa pang'ono, ndiye ndikupempha kuti katswiri wa masamu a kafukufuku ayang'ane yankho lawo pa ndemanga 4. Olembawo sindikuwadziwa, ndipo ndilibe phindu lililonse pa nkhani ya mauthengawa. Pepala likabwerera munditumizire pamodzi ndi mayankho awo, ndidzaliwerenga pasanathe masabata atatu.