Kwa anzanga a m'nyumba muno: tikambirane za waifai

Moni nonse, aPhiri, aMbewe, aGondwe ndi aNabanda.

Ndasankha kulemba chifukwa kukumana tonse asanu nthawi imodzi kukuvuta. Wina akamalowa wina amakhala akutuluka, ndipo aNabanda sabata ino ali pa ntchito ya usiku. Muwerenge mukapeza mpata, osathamangira kuyankha.

Bandulo ya mwezi uno inatha pa 19. Tinagula 200 GB pa K60,000 kuti itifikitse kumapeto kwa mwezi, koma yatha kutatsala masiku 11. Tsiku limenelo aPhiri anali ndi msonkhano wa kuntchito pa vidiyo, ndipo ndinawaona akutuluka ndi laputopu m'manja, patapata kuphazi, kuthamangira kwa ejenti wa pamsika wa Zingwangwa kukagula bandulo ya pafoni. Zinandikhudza, chifukwa iwowa ndi amene amayamba kupereka ndalama mwezi uliwonse. Chinanso n'chakuti pa K60,000 ija, yomwe inasonkhedwa ndi K43,000 yokha. Yotsalayo ndinaonjezera ine, ndipo aka n'kachiwiri. Sindikulemba kuti ndikumbe ngongole pagulu, ayi. Ndikuona kuti vuto lagona poti chibweretsereni rautayi sitinakhalepo pansi n'kugwirizana kuti ndani azipereka zingati, liti, ndiponso ndani ali ndi ufulu wolowapo. Aliyense wakhala akuyendera maganizo ake, ndipo palibe amene tingamuloze chala pa lamulo lomwe kunalibe.

Ndiyambe ndi zimene ndinapeza. Usiku wa pa 18 ndinalowa mu rauta kudzera pa adiresi yolembedwa kunsi kwake ija, ndinapeza zipangizo 14 zili pa waifai yathu. Ndikawerenga zathu zenizeni ndikupeza 8: mafoni asanu, malaputopu awiri ndi TV ya pabalaza. Zisanu ndi chimodzi zinazo si za m'nyumba muno. Si kuti wina anatibera. Pasiwedi tinaipereka tokha, mmodzimmodzi, mokoma mtima: kwa mlendo amene anagona masiku awiri, kwa mwana wa a landilodi pamene ankafuna kuona zotsatira za mayeso, kwa mnzathu wa kuseri kwa mpanda. Foni ikangolandira pasiwedi kamodzi imaisunga, ndipo imalowa yokha nthawi iliyonse ikayandikira. Mafoni a masiku ano amathanso kuonetsa pasiwediyo ngati QR code, wina n'kungojambula, ndiye amene tinam'patsayo amatha kupatsanso anzake ife osadziwa. Anyamata amene amakhala pa khonde la golosale madzulo aja mwina sakhalirapo mphepo yokha.

Koma tisakankhire zonse kwa akunja. Inenso ndili ndi gawo langa. Nditayang'ana pa laputopu yanga ndinapeza kuti yadya 61 GB m'masiku osakwana 20, zambiri mwa izo pokoka zokonza mapulogalamu ndi kutumiza zithunzi za ukwati wa mchemwali wanga kosungira pa intaneti, ine ndili m'tulo. Gawo langa lolipira linali lofanana ndi la aNabanda, amene amangogwiritsa ntchito WhatsApp ndi kuimbira mayi awo ku Mzimba. Apa ndi pamene ndinaona kuti kugawa K12,000 aliyense kumaoneka ngati chilungamo pamene si chilungamo. Wodya mbale yodzaza ndi wongolawa asamalipire mofanana.

Ganizo langa ndi ili. Tikagawa K60,000 ndi 200 GB, GB imodzi ikugwera pa K300. Aliyense atenge gawo lolingana ndi mmene amagwiritsira ntchito, alipire za gawo lakelo. Ine ndi aPhiri, amene timagwirira ntchito pakhomo ndi malaputopu, titenge 50 GB aliyense pa K15,000. AMbewe ndi aGondwe, 40 GB aliyense pa K12,000. ANabanda, 20 GB pa K6,000. Pamwamba pake aliyense aziponyapo K1,000 ya m'thumba la tonse, kuti pazikhala K5,000 mwezi uliwonse. Ndiye kuti zopereka zikhala K16,000, K16,000, K13,000, K13,000 ndi K7,000. Ngati wina akuona kuti ndam'ika pa gawo lolakwika, anene, tisinthe. Chachikulu n'chakuti zonse pamodzi zikwane.

Ndalama ya m'thumbayo ndikupempha kuti poyamba tiisungire kabatire ka 12V kothandiza rauta magetsi akazima. Panopa magetsi akapita waifai imapita nawo, tonse n'kubwerera ku mabandulo a pafoni, pamene ya pamwezi ija masiku ake akuwerengedwabe. Kabatireko tikagula, thumbalo lizidikirira tsiku limene chaja cha rauta chidzapse kapena mtengo udzakwere. Za magetsi amene rauta imadya musade nkhawa: ndi kachipangizo ka pafupifupi mawati 10, mayunitsi 7 kapena 8 pamwezi ngakhale itayaka usana ndi usiku. Zimenezo zingolowa mu mayunitsi amene timasonkherana kale.

Mwina mufunsa kuti tidziwa bwanji amene wapyola gawo lake. Rauta yathu imangoonetsa zonse pamodzi, sigawa kuti uyu wadya zakuti. Koma mafoni ambiri a Android ndi malaputopu amasunga okha chiwerengero cha zimene adya pa waifai, pansi pa Data usage. Amene foni yawo sionetsa anganene mongoyerekeza, tidzawakhulupirira. Pa 15 ndi pa 28 aliyense azingotiuza nambala yake. Sitikufuna kuona zimene munthu amaonera kapena amene amacheza naye, ndipo amene adzasunge pasiwedi yolowera mu rauta asadzayese n'komwe kufufuza za anzake. Tikungofuna nambala basi. Bandulo ikatha mwezi usanathe, yoonjezera agule amene apyola, mogawana malinga ndi mmene apyolera. Amene sanamalize gawo lake asaperekenso kanthu.

Tsopano za TV, pakuti apa ndi pamene pali dzenje lalikulu. Vidiyo yooneka bwino kwambiri imatha kudya mpaka 3 GB pa ola limodzi, pamene ya wamba imadya pafupifupi 1 GB kapena kuchepera. Mpira umodzi, kuphatikiza nthawi yopuma ndi ndemanga za akatswiri, ndi maola awiri, kutanthauza kuti 6 GB ikhoza kupita Loweruka limodzi masana. Gawo la nyumba yonse patsiku, tikagawa 200 GB ndi masiku 30, silifika n'komwe 7 GB. AMbewe, sindikunena kuti mpira uthe, inenso ndimakhala nanu pampando pomwepo. Ndikupempha ziwiri zokha. Tiike TV pa 480p masiku wamba, 720p ikhale ya masewera akuluakulu. Ndipo mpira ukamaonetsedwa pabalaza, tisamaoneranso womwewo pamafoni m'zipinda. Mwezi watha tsiku lina unkaseweredwa pa zipangizo zitatu nthawi imodzi, zigoli n'kumamveka katatu motsatizana, kuyambira pabalaza mpaka kuchipinda chakumapeto. Zimene TV yadya tizigawana amene timaonera. aNabanda asawerengeredwe pokhapokha atayamba kukhala nafe.

Pali tinthu tingapo toti aliyense akonze pa chipangizo chake, ndipo ndili wokonzeka kuthandiza. Pa laputopu tiyatse Metered connection pa waifai yathu kuti isamakoke zinthu zazikulu osafunsa. Pa WhatsApp tipite ku Storage and data, pa Media auto-download tichotse mavidiyo, chifukwa magulu a kumpingo, a kumudzi ndi a kusukulu amatumiza mavidiyo ambiri amene foni imakoka tisanawatsegule n'komwe. Komanso kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 4 koloko masana, Lolemba mpaka Lachisanu, tipewe kukoka mafilimu kapena kutumiza mafayilo akuluakulu. Nthawi imeneyo aPhiri amakhala pa misonkhano ndipo aGondwe amakhala ndi makalasi a pa intaneti, ndiye wina akatumiza chinthu cholemera mawu awo amayamba kudukaduka. Zazikulu zizidikira usiku.

Pasiwedi tiisinthe pa 1, ndipo izikhala ya anthu asanu okha. Ndikudziwa kuti kukaniza mlendo n'kovuta, makamaka akakhala m'bale wako amene wachokera kutali, ndipo sindikufuna kuti tikhale nyumba youma mtima. Rauta yathu ili ndi netiweki yachiwiri ya alendo yokhala ndi pasiwedi yakeyake. Mlendo akabwera tiziyatsa imeneyo, akapita n'kuizimitsa, ndipo zimene wadya ziziwerengedwa kwa amene wam'landira. Za mwana wa a landilodi ndikalankhula ndekha ndi mayi ake mwaulemu, kuti pasakhale kukhumudwitsana. Akadzafuna kuona za sukulu adzabwere, adzakhale pabalaza, tidzam'yatsire ya alendo.

Rauta ichoke m'chipinda changa. Inakhala mmenemo chifukwa ndi mmene munali soketi yabwino, koma ndikatseka chitseko n'kupita ku Limbe, ikavuta palibe amene angaizimitse n'kuiyatsanso, komanso aNabanda kuchipinda chakumapeto amalandira kadontho kamodzi kokha chifukwa cha makoma atatu a njerwa. Ndaona kuti pa shelefu ya mukhonde la mkati, pafupi ndi windo, ikhoza kufikira tonse. Chingwe chotalikitsira ndili nacho kale.

Kaperekedwe ka ndalama kakhale kotere: zonse zikhale zitafika pofika pa 28, kuti pa 1 m'mawa bandulo igulidwe. Kaya pa Mpamba, pa Airtel Money kapena pamanja, zonse zili bwino, bola wotumiza aonjezere yochotsera kuti wosonkhetsa asamaluze. Usonkhetsiwo uzizungulira, mwezi uno ine, wamawa wina, ndipo wosonkhetsa azionetsa uthenga wotsimikiza kuti wagula. Tonse timadziwa kuti malipiro amachedwa, maliro amagwa, mwana amadwala kumudzi. Amene zam'vuta angonena pasanafike pa 28, thumba lija lim'gwirire kapena mmodzi wa ife am'bwereke modziwa, abweze pofika pa 7. Chimene chimapweteka ndi kungokhala chete, wina n'kulipira mobisa uku mtima ukuwawa. Ndipo tisadzachotse munthu wa m'nyumba muno pa waifai tisanakhale naye pansi. Amene achokapo kupitirira masabata awiri, monga aGondwe akapita kutchuthi ku Karonga, alipire theka, ndipo mwezi umenewo otsalafe tigwirizane kugula bandulo yocheperako kapena kugawana gawo lawolo.

Rautayo tinagula ine ndi aPhiri pa K75,000, theka theka, ndipo sitikupempha kuti mutibwezere. Mmodzi wa ife awiri akadzasamuka, idzatsale muno, otsalawo adzam'patse gawo lake pa mtengo umene tidzagwirizane nthawiyo. Simu yomwe ili mkatimo inalembetsedwa m'dzina langa, choncho ndikadzachoka ine tidzaike ya wina.

Tiyese zimenezi miyezi iwiri, kenako tione pamene pakutsina. Lamlungu likudzali 4 koloko masana ndiona ngati tonse tikhala tilipo, aNabanda atadzuka ndipo a kutchalitchi atabwerako. Tikumane pabalaza, aliyense ndi foni yake kuti tikonzeretu zija ndatchulazi. Tiyi ndiphika ine. Ngati pali mfundo imene simukugwirizana nayo koma simukufuna kuinena pagulu, gogodani pachitseko changa lisanafike tsikulo.

Zikomo kwambiri,
Ine mnzanu wa chipinda choyandikana ndi khitchini.