Mawu a woyankhula wachiwiri wa mbali yovomereza pa mtsutso wa magetsi ndi madzi a madeta senta

Zikomo a Wapampando, oweruza athu, aphunzitsi, anzathu a mbali yotsutsa, ndi nonse amene mwadzaza muholo muno masana ano.

Mutu wathu ukuti boma lililonse lisalole kampani kumanga deta senta yaikulu isanaulule poyera kuchuluka kwa magetsi ndi madzi amene idzagwiritse ntchito pamalopo. Mnzanga woyamba wafotokoza kale kuti deta senta ndi chinyumba chodzaza makompyuta amene amayaka usana ndi usiku, ndi kuti mapulogalamu akuluakulu monga ChatGPT ndi Gemini amaphunzitsidwira mmenemo. Ine ndiyankha zimene anena achimwene amene angokhala pansiwa.

Achimwenewa ati tikuopa chithunzithunzi. Atiuza kuti mu Ogasiti 2025 kampani ya Google inalengeza kuti funso limodzi lolemba lopita kwa Gemini limadya magetsi ochepa kwambiri, moti yunitsi imodzi, yomweyi timagula yoika mu mita kunyumba, ingayankhe mafunso pafupifupi 4,000, ndipo madzi ake ndi timadontho tisanu. Sindikutsutsa. Nambalazo zinalengezedwadi. Koma a Wapampando, anawerengera ndi mwini wake wa malonda, ndipo anawerengera kuyankha kokha, osati kuphunzitsa pulogalamuyo. Komanso mzinda ukamasowa madzi, palibe amene amafunsa kuti funso limodzi lamwa madontho angati. Amafunsa kuti paipi yaikulu ija yolowa kumpanda uko ikukoka malita angati pa tsiku, ikuwakoka kuchokera mu mtsinje uti, ndiponso mwezi wanji.

Tiyeni tilowe m'chinyumbamo. Pophunzitsa pulogalamu yaikulu amalumikiza timakina towerengera masauzande ambiri, n'kutisiya tikugwira ntchito masabata kapena miyezi osazima. Kamodzi mwa timakina totchuka, H100 ka kampani ya Nvidia, kamatha kukoka mawati 700. Ku Memphis, m'chigawo cha Tennessee ku Amereka, kampani ya xAI ya a Elon Musk inasonkhanitsa timakina totere 100,000 m'chaka cha 2024. Chulukitsani nokha: mamegawati 70, tisanawerenge zoziziritsira, mawaya ndi zina zonse. Malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire amapanga mamegawati pafupifupi 130, ndipo tonse tikukumbukira mdima umene tinakhalamo namondwe Ana atawononga malowa mu Januwale 2022. Ndiye kuti chinyumba chimodzi, pachiyambi pake penipeni, chinkafuna magetsi opitirira theka la Kapichira.

Magetsi onse olowa mu timakinato amasanduka kutentha, ndipo kutenthako kuyenera kutuluka, apo ayi makina apsa. Njira yotchipa ndi madzi. Mukudziwa mtsuko wadothi mmene umaziziritsira madzi akumwa: pang'ono amavwa panja, n'kuuma ndi mphepo, ndipo pouma amachoka ndi kutentha. Nsanja zoziziritsira za madeta senta ambiri zimachita zomwezo, kungoti madziwo ndi malita mamiliyoni, kawirikawiri ndi madzi abwino a m'mipopi ya mzinda, ndipo ambiri mwa iwo sabwereranso mumtsinje chifukwa apita kumwamba ngati nthunzi. Zilipo njira zina. Ena amaziziritsa ndi mphepo, ena amazunguliza madzi omwewo m'mapaipi otsekeka. Koma ukachepetsa madzi kawirikawiri umakweza magetsi, ndipo malo opangira magetsi a malasha, gasi ndi nyukiliya nawonso amamwa madzi. Kusankha pakati pa ziwirizi si nkhani ya mainjiniya okha ayi, chifukwa wolipira mtengo wake ndi munthu wokhala pafupi.

Tsopano ndikhazikike pa tawuni imodzi, chifukwa mutu wathu wonse uli mmenemo. The Dalles ndi tawuni yaing'ono ya m'chigawo cha Oregon ku Amereka, m'mbali mwa mtsinje wa Columbia, kudera kouma. Google inatsegula deta senta kumeneko mu 2006. M'chaka cha 2021, pamene kampaniyi inkafuna kukulitsa malowo, nyuzipepala ya The Oregonian inafunsa funso lophweka: kodi Google imagwiritsa ntchito madzi ochuluka bwanji a tawuniyi? Yankho silinabwere. M'malo mwake khonsolo ya tawuniyo inasumira nyuzipepalayo kukhoti, ponena kuti nambalayo ndi chinsinsi cha malonda. Taganizani, a Wapampando. Madzi ndi a anthu, mapaipi ndi a anthu, khonsolo anaisankha ndi anthu, koma khonsoloyo ikupita kukhoti kuti anthuwo asadziwe amene akumwa madzi awo. Mlandu unatenga chaka ndi kanthu. Mu Disembala 2022 khonsoloyo inagonja, nambala n'kutuluka: m'chaka cha 2021 Google inagwiritsa ntchito malita opitirira 1.3 biliyoni, omwe ndi oposa gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi onse a tawuniyo.

Sindikunena kuti mipopi ya ku The Dalles inauma. Ndikunena kuti makhansala anavomereza mgwirizano watsopano wa madzi nambalayo isanatuluke, alimi ndi eni nyumba akungomva mphekesera. Mwina akanadziwa akanavomerabe, poona misonkho ndi zitsime zimene kampani inalonjeza. Ufulu wovomera kapena kukana ndi umene analandidwa.

Ku West Des Moines, m'chigawo cha Iowa, kumene makina a Microsoft anaphunzitsira GPT-4, imodzi mwa mapulogalamu a ChatGPT, malowo anakoka malita pafupifupi 43 miliyoni mu Julayi 2022 mokha, 6 peresenti ya madzi onse a deralo mwezi umenewo. Anthu ambiri anadzamva nkhaniyi patatha chaka, kudzera mwa atolankhani.

Anzathuwa anenanso kuti madeta senta onse padziko amadya magetsi ochepa poyerekeza ndi mafakitale a simenti kapena zitsulo. Bungwe la International Energy Agency linati mu 2024 anagwiritsa ntchito mayunitsi pafupifupi 415 biliyoni, 1.5 peresenti ya magetsi a dziko lonse lapansi. Ikumveka yaing'ono, eti? Bungwe lomwelo likuyembekezera kuti pofika 2030 adzafika pa mayunitsi 945 biliyoni, kuposa pang'ono amene dziko lonse la Japan limagwiritsa ntchito. Ndipo zinyumbazi sizimwazikana mofanana padziko. Zimaunjikana. Ku Ireland, mu 2015 madeta senta ankadya 5 peresenti ya magetsi a dzikolo. Pofika 2023 anali pa 21 peresenti, kuposa nyumba zonse za m'matauni kuziphatikiza. Oyendetsa magetsi anachita kuimitsa kulumikiza madeta senta atsopano m'dera la Dublin. Dziwani ichi: timadziwa za Ireland chifukwa ofesi ya boma yowerengera zinthu kumeneko imasindikiza nambalazi chaka ndi chaka. Kumene kuli nambala, mtsutso umakhala wa nzeru.

Nanga lonjezo lija loti magetsi onse adzakhala a dzuwa ndi mphepo? Makampaniwa amaguladi magetsi ambiri otere, ndipo pa ichi ndiwayamikira. Koma malipoti awo omwe a mu 2024 anaonetsa kuti mpweya woipa wa Google unakwera ndi 48 peresenti kuchokera mu 2019, wa Microsoft ndi 29 peresenti kuchokera mu 2020. Dzuwa limalowa, makina sagona. Ndicho chifukwa mu Seputembala 2024 Microsoft inasaina mgwirizano wa zaka 20 woti gawo limodzi la malo opangira magetsi a nyukiliya a Three Mile Island ku Amereka, lomwe linatsekedwa mu 2019, litsegulidwenso. Ku Memphis kuja, magetsi a mzinda atachepa, xAI inabweretsa makina opangira magetsi oyendera gasi n'kuwaimika pafupi ndi dera la Boxtown, kumene kumakhala anthu akuda ambiri amene akhala akupuma utsi wa mafakitale kwa zaka zambiri. Magulu oteteza chilengedwe anachita kujambula malowo ali m'ndege kuti awerenge makinawo. Anthu afike pokwera ndege kuti adziwe chimene chikufuka kuseri kwa nyumba zawo? Izi zimandiwawa mtima, ndipo sindibisa.

Mfundo yawo yolemera kwambiri ndi yoti lamulo lotere lidzathamangitsa makampani, ntchito n'kupita kwina. Ndiilemekeza mfundoyi, chifukwa dziko losauka silithamangitsa wobweretsa chuma mwachisawawa. Koma tione zimene zinachitika ku Uruguay. Mu 2023 kunagwa chilala choopsa moti mumzinda wa Montevideo m'mipopi munkatuluka madzi amchere. Nthawi yomweyo zinadziwika, anthu atachita kukamenyera kukhoti, kuti pulani yoyamba ya Google yomanga ku Canelones inkafuna malita 7.6 miliyoni pa tsiku. Anthu anakwiya. Kodi Google inathawa? Ayi. Inasintha pulani, inasankha kuziziritsa ndi mphepo, ndipo mu 2024 ntchito yomanga inayamba. Ku Chile nakonso, m'dera la Cerrillos mumzinda wa Santiago, khoti loona za chilengedwe litalowererapo mu 2024, kampani yomweyi inati ibwerera kukajambula pulani yosamwa madzi a pansi panthaka. Njira yabwino inalipo kuyambira kale. Inatuluka anthu ataona nambala.

Ndipo kumene zinthu zikuyenda bwino, eni ake amanena okha mokweza. Ku Hamina, m'dziko la Finland, Google imaziziritsa makina ndi madzi a m'nyanja yamchere. Ku Odense, m'dziko la Denmark, kutentha kochokera ku deta senta ya Meta kumakafunditsa nyumba za anthu m'nyengo yozizira. Kampani yochita zotere lamulo lathuli silingaiopse.

Wina angati izi n'zakutali. Kumwera kwa Afrika kuno, ku Joni madeta senta akuluakulu alipo kale, m'dziko limene lavutika ndi kuzimazima kwa magetsi kwa zaka zambiri, ndipo mu 2024 kunalengezedwa pulani yomanga ina ku Olkaria m'dziko la Kenya, pafupi ndi magetsi ochokera ku nthunzi ya pansi panthaka. Mgwirizano ukasainidwa umakhala wa zaka makumi, pamene chilala chimabwera chosagogoda. Anzathu a ku Zambia anaona mu 2024 madzi atatsika ku Kariba. Lamulo limafunika lilembedwe alendo asanafike ndi mapepala awo.

Chimene tikupempha n'chochepa. Kampani inene mamegawati amene ikufuna ndi kumene adzachokere. Inene malita a madzi mwezi ndi mwezi, osati a chaka chonse pamodzi, chifukwa madzi a mu Okutobala si ofanana ndi a mu Febuluwale. Inene za malo aliwonse paokha, ndipo inene amene ayambe kuchepetsedwa madzi kapena magetsi chilala chikavuta, makina kapena makomo a anthu. Zonsezi zipachikidwe pamene nzika iliyonse ingawerenge chilolezo chisanaperekedwe.

Ndikusiyira funso limodzi woyankhula wachiwiri wa mbali yotsutsa, ndipo ndikupempha kuti aliyankhe akangoimirira: mwa zinthu zimene ndatchulazi, n'chiti chimene mayi wa ku The Dalles kapena wa ku Boxtown sayenera kudziwa?

Zikomo a Wapampando.