Ndi dothi liti limene limataya madzi msanga? Chikonzero cha phunziro lofufuza, Sitandade 7

Phunziro: Sayansi ndi Luso
Ophunzira: 84, m'magulu 12 a anthu 7
Nthawi: mphindi 70, mwezi wa Okutobala mvula isanagwe

CHOLINGA

Pomaliza phunziroli, ophunzira athe kukonza okha kafukufuku wachilungamo, kuyeza madzi m'mamililita, ndi kufotokoza chifukwa chimene mchenga, katondo ndi makande zimasiyanira pa kadutsidwe ka madzi. Aphunzitsi, musawauziretu yankho, ngakhale atakuumirizani. Mukangonena kuti mchenga ndiwo umataya madzi msanga, magulu onse adzalemba zomwezo osayang'ananso m'botolo.

ZIPANGIZO

Mabotolo apulasitiki a mamililita 500, ofanana, okwana 36 (atatu pa gulu)
Mabotolo ena 12 odulidwa ngati kapu, okhala ndi mzere pa mamililita 100
Masirinji atsopano 12 a mamililita 20, opanda singano
Tinsalu 36 ta chitenje chimodzi, masentimita 8 mbali zonse, ndi timalabala tomangira
Mchenga, katondo ndi makande, malita awiri mtundu uliwonse
Madzi oyera malita 10, ndowa yotayira zonyowa, sopo ndi chigubu chosambira m'manja
Wotchi imodzi yoti kalasi yonse iziona

KUKONZEKERA

Kumbani dothi kutatsala masiku anayi. Liyanikeni pa thumba padzuwa, liphwanyeni, ndipo mulisefe ndi sefa imodzi. Makande ndiwo amavuta: akauma amalimba ngati njerwa, choncho asinjeni mumtondo wakale umene sugwiranso ntchito ya chakudya. Mukasiya zibuma, madzi amadutsa m'mipata yake mothamanga ndipo ana amapeza kuti makande amaposa mchenga potaya madzi.

Dulani botolo lililonse pakati. Chotsani chitsekerero, mangani kansalu pakamwa, kenako lowetsani gawo lapamwamba chadodolido m'gawo lapansi. Pakamwa pa botolo pasiye mpata wa masentimita atatu kuchokera pansi, kuti pasamire m'madzi otuluka. Mzere wa mamililita 100 muupeze pothira masirinji asanu odzaza. Yesani nokha kafukufuku yense tsiku lisanafike. Ngati makande anu sakudontha n'komwe pa mphindi khumi, musawasinthe, nazonso n'zotsatira.

CHITETEZO

Odula mabotolo ndi aphunzitsi okha. Lezala kapena mpeni usalowe m'kalasi. M'mphepete modulidwa mumacheka zala, ndiye matanimo tepi.
Dothi lisachokere pafupi ndi chimbudzi, khola, dzala kapena m'munda mopoperedwa mankhwala. Ana asatumidwe kukakumba makande m'madzi a m'dambo, chifukwa mungakhale nkhono zofalitsa likodzo.
Posefa chotsani magalasi, minga ndi misomali. Wophunzira amene ali ndi bala padzanja asagwire dothi, poopa kafumbata; akhale mlembi wa gulu.
Dothi louma limafuka. Lithiridwe motsitsa, mawindo ali otsekula, ndipo odwala mphumu akhale kutali pa nthawiyo. Fumbi likalowa m'maso, tsukani ndi madzi oyera ambiri osatikita.
Sirinji yogwiritsidwa kale ntchito kuchipatala n'njoletsedwa, chimodzimodzinso botolo limene munali mankhwala kapena parafini.
Madzi osefeka amaoneka oyera koma si akumwa. Otayika pansi apukutidwe nthawi yomweyo, ndipo aliyense asambe m'manja ndi sopo pomaliza.

KAYENDETSEDWE KA PHUNZIRO

Mphindi 8. Funsani: "Mvula imodzi ikagwa, n'chifukwa chiyani kudambo kumakhala matope sabata yonse, pomwe m'njira ya mchenga mumauma tsiku lomwelo?" Lembani maganizo onse pabolodi osaweruza. Gawani dothi pang'ono, ana alikhudze louma, kenako alinyowetse n'kuyesa kuumba kansoseji.

Mphindi 15. Gulu lililonse lilembe zimene likuyembekezera ndi njira yake yofufuzira. Gawo lofunika kwambiri ndi ili, ndipo ndi limenenso aphunzitsi amakonda kulidumpha nthawi ikathina. Musapereke madzi gulu lisanatchule chimene lisinthe (mtundu wa dothi), chimene liyeze (madzi otuluka) ndi zimene zikhale zofanana (kuchuluka kwa dothi ndi madzi, nsalu, nthawi, katsinderedwe). Gulu likasowa poyambira, lifunseni: "Ndikathira kapu yodzaza pa mchenga, theka pa makande, mungandikhulupirire?" Njira yosiyana ndi yanu iloleni malinga ikhale yachilungamo ndi yosaopsa.

Mphindi 22. Kufufuza. Magulu ambiri amafika pa njira iyi: kunyowetsa kansalu ndi kukafinya, kuthira dothi la mamililita 100, kugogoda botolo katatu, kuthira madzi a mamililita 100 pang'onopang'ono pakati, kudikira mphindi khumi, kuchotsa gawo lapamwamba, ndi kuyeza madzi otuluka ndi sirinji botolo litapendekeka. Poti kapu ndi imodzi, mabotolo ayambe motsatana, mlembi alembe nthawi yoyambira ya lililonse.

Mphindi 15. Zotsatira za magulu onse zilembedwe pabolodi. Nambala yosiyana ndi zinzake musaifufute; funsani eni ake zimene anachita. Kawirikawiri amakhala atatsindira dothi ndi chala, atathira madzi m'mbali momwe amatsetsereka osalowa m'dothi, kapena kansalu kanamasuka.

Mphindi 10. Kumaliza pepala la ntchito ndi kukonza m'kalasi.

ZOYEMBEKEZERA

Mchenga umayamba kudontha mphindi imodzi isanathe ndipo umatulutsa madzi oposa theka. Makande amachedwa, nthawi zina madzi amangoima pamwamba. Katondo amakonda kukhala pakati, koma amasiyana malinga ndi kumene wakumbidwa. Chifukwa chake n'chakuti timibulu ta mchenga n'tatikulu ndipo timasiya mipata yotakasuka, pomwe ta makande n'tating'ono kwambiri, timagwira madzi, ndipo makande akanyowa amafufuma n'kutseka mipata. Chenjerani ndi masamu a "100 kuchotsa madzi otuluka": ngati madzi ena akadali pamwamba pa dothi, amenewo sanamwedwe, ayambe akokedwa ndi sirinji n'kuyezedwa padera.

PEPALA LA NTCHITO LA WOPHUNZIRA

Mayankho onse mulembe m'kope lanu la sayansi. Osalawa dothi, osamwa madzi ake.

1. Fotokozani mmene dothi lililonse likumvekera m'zala, louma ndi lonyowa. Ndi liti lomwe laumbika?
2. Mukuganiza kuti ndi dothi liti litaye madzi ambiri pa mphindi khumi? Perekani chifukwa.
3. Tchulani chinthu chimodzi chimene musinthe, chimodzi chimene muyeze, ndi zinayi zimene zikhale zofanana.
4. Jambulani zipangizo zanu ndi kulemba dzina la chilichonse. Onetsani aphunzitsi musanatenge madzi.
5. Jambulani tebulo la mizere itatu: mchenga, katondo, makande. Pa mzere uliwonse mulembe masekondi amene apita dontho loyamba lisanagwe, madzi otuluka, ndi madzi oima pamwamba, m'mamililita.
6. Pezani madzi amene dothi lamwa: 100 − otuluka − oima pamwamba.
7. Kodi zotsatira zagwirizana ndi yankho lanu la funso 2? Musasinthe zimene munalemba poyamba.
8. Yerekezani ndi magulu awiri oyandikana nanu. Ngati mwasiyana, chachititsa n'chiyani?
9. Mlimi ali ndi mbewu ya mpunga ndi ya chinangwa. Iti abzale pa makande, iti pa dothi lamchenga? Gwiritsani ntchito manambala anu poyankha.
10. Kodi manyowa owolerana angasinthe madzi amene mchenga umamwa? Lembani mmene gulu lanu lingafufuzire zimenezi sabata yamawa, ndi zipangizo zimene mudzafune.